Zala Zikaloweza Njira: Chifukwa Chake 7 Ali Pamwamba pa Kakyuleta koma Pansi pa Foni

Mukadzapita kukatapa ndalama kwa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba, mudzayang'anitsitse zimene zili pa kathebulo kake. Pamakhala foni imodzi kapena ziwiri, kabuku kolembamo, ndiponso kakyuleta imene manambala ake ena anayamba kufufutika. Mudzayerekeze foniyo ndi kakyuletayo. Pa foni, mzere wapamwamba uli ndi 1, 2, 3 ndipo 7, 8, 9 ali m'munsi. Pa kakyuleta zili chadodolido: 7, 8, 9 ali pamwamba, 1, 2, 3 ali m'munsi. Amene sasuntha ndi 4, 5, 6 a mzere wapakati, komanso ziro amene amakhala pansi penipeni konse kuwiri.

Anthu ambiri agwiritsa ntchito zipangizo ziwirizi kwa zaka ndithu osazindikira kusiyanaku, chifukwa amadina akuyang'ana. Koma kwa munthu amene ntchito yake ndi kulowetsa manambala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kaya ndi kashiya wa m'golosale, kalaliki wa ku ofesi ya malipiro kapena wolemba m'kaundula wa odwala, nkhaniyi si yaing'ono. Munthu wotere akafika pofulumira, maso sagwiranso ntchito yofufuza batani. Zala ndi zimene zimakumbukira, ndipo chimene zala zimakumbukira si nambala ayi, koma malo. Chala chikazolowera kuti 1 ali kumtunda kumanzere, chimapita komweko ngakhale chitakhala pa makina amene pamalopo pali 7.

Kusiyanaku kunabwera chifukwa zipangizo ziwirizi zinachokera ku mabanja awiri osiyana, ndipo banja la kakyuleta ndi limene lili lalikulu.

Makina owerengetsera ndalama anayamba kufala m'maofesi a ku Amereka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ena otchuka anali a Dorr Felt, otchedwa Comptometer, amene analembetsedwa m'kaundula wa boma mu 1887. Makinawa anali ndi mabatani ambirimbiri, oyalidwa m'mizere yoimirira: mzere wa mamodzi, wa makumi, wa mahandiredi, mpaka kumanzere. Mzere uliwonse unkayamba ndi 1 pafupi ndi wodinayo n'kumakwera mpaka 9 kutali naye. Batani la nambala yaikulu linkayenera kutsika kwambiri kuti lizungulitse magiya a m'kati, moti akatswiri ambiri ankapewa kutambasula dzanja kukafika ku 9. Ankadina 4 kenako 5 mumzere womwewo, makinawo n'kuphatikiza okha. Chizolowezi chakuti manambala aang'ono akhale pafupi ndi dzanja, aakulu kutali, chinakhazikika nthawi imeneyo.

Kenaka anthu anayamba kufuna makina a mabatani khumi okha. Makina a Dalton a mu 1902 anali ndi mabatani khumi m'mizere iwiri yopingasa, manambala ake osatsatana bwino. Koma mu 1914, David Sundstrand, mbadwa ya ku Sweden imene inkakhala ku Rockford m'chigawo cha Illinois, anakalembetsa makina ake amene anayala manambala atatuatatu m'mizere itatu: 7, 8, 9 pamwamba, 1, 2, 3 pansi, ziro kunsi kwake. Dzanja limodzi linkakwanira mabatani onse osanyamuka pamalo. Kayalidwe kameneka ndi kamene tili nako lero pa kakyuleta iliyonse, komanso pa mabatani a manambala a kudzanja lamanja kwa kiyibodi ya kompyuta.

Kwa wowerenga ndalama, kayalidweka kali ndi ubwino umene ndimaona kuti ife kuno tingaumvetse msanga. Mitengo yathu yambiri imathera m'maziro: K500, K2,000, K15,000. Ziro ndi batani limene limadinidwa kwambiri, ndipo pa kakyuleta amakhala wamkulu, pansi pa chala chachikulu, moyandikana ndi 1, 2 ndi 3. Makakyuleta ambiri a patebulo amawonjezeranso batani la 00, ena mpaka 000.

Foni inadzera njira ina. Mafoni akale anali ozungulitsa ndi chala, ndipo kampani ya Bell ya ku Amereka itaganiza zosintha kuti pakhale mabatani, sinangotengera za kakyuleta. Ku malo ake ofufuzira a Bell Labs kunali gulu loona mmene anthu wamba amagwiritsira ntchito zipangizo, ndipo ankalitsogolera anali John Karlin, amene anabadwira ku Johannesburg mu 1918. Mu 1955, ofufuza awiri, Lutz ndi Chapanis, anapatsa anthu zithunzi za mabatani opanda manambala n'kuwauza kuti alembe pamene akuyembekezera kuti nambala iliyonse ikhale. Ambiri anayambira kumtunda kumanzere n'kumapita kumanja, monga momwe timawerengera buku. Mu 1960, R. L. Deininger anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anayesa mayalidwe oposa khumi: ena ozungulira ngati foni yakale, ena a mizere iwiri ya mabatani asanuasanu, ena a kakyuleta. Mayalidwe angapo anachita bwino mofanana, koma a kakyuleta sanapose a 1, 2, 3 pamwamba, ndipo a mizere itatuwa anali osavuta kuwakwanitsa pa foni.

Tisaiwale kuti nthawi imeneyo munthu wamba anali asanagwirepo kakyuleta. Makakyuleta a m'thumba anafala m'ma 1970. Makina owerengetsera anali a makalaliki okha, pamene foni inali ya aliyense, agogo ndi ana omwe. Panalinso nkhani ya zilembo. Manambala a mafoni a ku Amereka ankayamba ndi zilembo za dzina la dera, ndipo ABC anali pa 2, DEF pa 3, mpaka kutsogolo. Kuika 7, 8, 9 pamwamba kukanachititsa kuti alifabeti iyambire pansi. Ndiponso pa foni yozungulitsa ija, ziro ankabwera pambuyo pa 9, choncho kumuika kunsi kwa 7, 8, 9 kunali kupitiriza zomwe anthu anazolowera. Mafoni a mabataniwa anayamba kugwira ntchito pa 18 Novembala 1963 m'matauni a Carnegie ndi Greensburg ku Pennsylvania, ndipo mabatani a * ndi #, amene lero timawadina pogula mayunitsi, anawonjezedwa mu 1968.

Pali nkhani imene imamveka kawirikawiri yakuti a Bell anatembenuza manambala dala pofuna kuchedwetsa makalaliki amene ankadina mofulumira kuposa mmene makina a mafoni akanamvera. Nkhaniyi ndi yokoma kuifotokoza, koma zolemba za ofufuzawo zikusonyeza zina: iwo ankafuna kayalidwe kamene munthu wosaphunzitsidwa angadine mwachangu ndi mosalakwitsa. Mu 1968 Conrad ndi Hull a ku Cambridge anayesanso mayalidwe awiriwa pa anthu osazolowera, ndipo anapeza kuti a foni ndi amene ankawalakwitsa pang'ono. Ngakhale zinali choncho, opanga makakyuleta sanasinthe, chifukwa makalaliki ambirimbiri anali ataloweza kale njira yawo. Makina a ATM ndi timakina todinapo pini ya khadi la kubanki tinatsata foni, popeza timadinidwa ndi anthu wamba. N'chifukwa chake kashiya wa m'sitolo yaikulu amatha kukhala ndi mayalidwe onse awiri pa kauntala imodzi.

Mukafuna kuona nokha kuti zala zimakumbukira malo, ganizirani munthu amene pini yake ndi 2580. Pa foni, amangotsetsereka mzere wapakati kuchokera pamwamba mpaka pansi. Akapita pa kiyibodi ya kompyuta n'kutsetsereka chimodzimodzi, chimatuluka ndi 8520, ndipo amalumbira kuti sanalakwitse.

Tsono kudina mofulumira kumaphunziridwa bwanji? Pa kiyibodi ya kompyuta ndi pa makakyuleta ambiri a patebulo, batani la 5 lili ndi kachotupa kapena kamzere kamene chala chimakamva. Pamenepo ndiye pakhomo. Chala chapakati cha dzanja lamanja chimakhala pa 5, mkombaphala pa 4, chala cha mphete pa 6. Chala chilichonse chili ndi mzere wake woimirira: mkombaphala amakwera ku 7 ndi kutsikira ku 1, chapakati ku 8 ndi 2, cha mphete ku 9 ndi 3 komanso ku kadontho. Chala chachikulu ntchito yake ndi ziro basi, ndipo kachala kakang'ono kamadina Enter ndi +. Lamulo lalikulu ndi lakuti chala chikapita kukadina, chibwerere pakhomo. Dzanja lonse likasuntha mzere umodzi osazindikira, 456 amatuluka 789, ndipo manambala onse otsatira amawonongeka mpaka mutayang'ana.

Dzanja lamanzere nalo lili ndi ntchito. Ndi limene limagwira malisiti, kutembenuza ndi kulondola mzere umene mukuwerenga. Maso akhale pa pepala. Nthawi yambiri imene wosazolowera amataya si yodina ayi, koma yoyendetsa maso kuchoka pa pepala kupita pa mabatani, kenako pa sikirini, n'kubwerera pa pepala kukafufuza pamene analekezera. Mizere imadumphidwa kapena kubwerezedwa pa ulendo umenewu.

Wophunzira ayambe ndi mzere wapakati wokha, mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu patsiku, kudina manambala monga 456, 645, 5464 osayang'ana, mpaka zala zitasiya kukayika. Akatero awonjezere ziro, kenako mzere wapamwamba, kenako wapansi. Masiku oyamba amaona ngati wabwerera m'mbuyo, chifukwa mkombaphala yekha amene anazolowera ankaoneka wachangu. Apa ndi pamene ambiri amagonjera n'kubwerera ku chala chimodzi. Ine ndimati ndi bwino kuphunzirira madzulo pa malisiti akale, osati pamene mzere wa makasitomala wafika pakhomo. Nambala yaitali iwerengedwe m'timagulu, osati imodziimodzi. Tokeni ya magetsi olipiriratu ili ndi manambala 20, ndipo imalembedwa m'timagulu tisanu ta manambala anayianayi pa chifukwa chomwechi: mutu umanyamula kagulu kamodzi bwinobwino pamene zala zikudina.

Pa kompyuta pali msampha wina umene umagwira wodina osayang'ana: batani la Num Lock. Likazima, mabatani aja amasiya kulemba manambala. 8 amakwera mzere, 2 amatsika, 4 ndi 6 amapita kumanzere ndi kumanja, ndipo kadontho kamasanduka Del, kamene kamafufuta zimene zinalembedwa kale. Musanayambe mulu wa mapepala, dinani nambala imodzi muone ngati yatuluka.

Liwiro la ntchitoyi limayezedwa ndi kuchuluka kwa mabatani odinidwa pa ola. Kumayiko kumene olemba ntchito amayesa zimenezi, 8,000 pa ola amati ndi wamba, ndipo 10,000 kapena kuposerapo ndi liwiro la katswiri, kutanthauza pafupifupi mabatani atatu pa sekondi. Tiyerekeze kuti muli ndi malisiti 300, lililonse la manambala asanu kuphatikizapo Enter. Onse pamodzi ndi mabatani 1,800. Wodina 10,000 pa ola amaliza m'mphindi 11, pamene wodina 4,000 pa ola atenga mphindi 27. Phindu la katswiriyo ndi mphindi 16. Koma akalakwitsa lisiti limodzi n'kuyamba kulifufuza pakati pa 300, mphindi 16 zija zimatha zonse, mwinanso kuposa. Liwiro lopanda kulondola silipindulitsa, ndiye kashiya wabwino amafunika luso lachiwiri, limene ndimaona kuti ndi lamtengo kuposa loyamba: kuyang'ana kusiyana kwa ndalama n'kudziwa mtundu wa cholakwika chimene chachitika.

Tiyerekeze kashiya wa m'sitolo ya hoselo amene akutseka madzulo. Kuti nkhani ifupike, timupatse malisiti asanu okha: K12,500, K5,400, K31,750, K8,200 ndi K1,650. Ndalama za m'dilowa wawerenga kawiri, zakwana K59,500, ndipo imeneyi ndiyo nambala yoona.

Tsiku loyamba kakyuleta yamupatsa K58,600. Kusiyana ndi K900. Asanayambe kubwereza zonse, ayese kugawa 900 ndi 9. Ikugawika ndendende, yankho ndi 100. Manambala awiri oyandikana akasinthana malo, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 nthawi zonse, ndipo yankho limaloza pamene pali vuto. Apa 100 akunena zinthu ziwiri: manambala amene asinthana ali pa malo a mahandiredi ndi masauzande, ndipo akusiyana ndi 1. Kashiya ayang'ane malisiti ake. Pa 12,500 pali 2 ndi 5, osiyana ndi 3. Pa 31,750 pali 1 ndi 7. Pa 8,200 pali 8 ndi 2. Pa 1,650 pali 1 ndi 6. Pa 5,400 pokha ndi pamene pali 5 ndi 4, osiyana ndi 1. Anadina 4,500 m'malo mwa 5,400. Cholakwika chotere ndi cha anthu achangu, chifukwa zala ziwiri zoyandikana zimanyamuka pafupifupi nthawi imodzi, china n'kufika msanga.

Tsiku lachiwiri yamupatsa K52,120. Kusiyana ndi K7,380. Njira yachidule yodziwira ngati nambala ikugawika ndi 9 ndi kuphatikiza manambala ake: 7, 3, 8 ndi 0 akupanga 18, ndipo 18 imagawika ndi 9. Akagawa 7,380 ndi 9 apeza 820. Ulendo uno yankho silili ngati 100 kapena 2,000, koma likufanana ndi limodzi mwa malisiti ake litadulidwa mchira. Anadina 820 m'malo mwa 8,200. Ziro mmodzi anasowa, mwina chifukwa chala chachikulu chinadina kawiri koma batani lotopa linamva kamodzi, kapena chinagwera pa 0 pamene chimafuna 00.

Tsiku lachitatu ndi limene likukhudza nkhani yathu ya mayalidwe awiri. Kakyuleta yapereka K65,500, kuposa ndalama za m'dilowa ndi K6,000, ndipo kashiya mtima wagunda kuti wapanga shoti. 6,000 sigawika ndi 9. Koma taonani mabatani amene amasinthana malo pakati pa foni ndi kakyuleta: 1 ndi 7, 2 ndi 8, 3 ndi 9. Awiri aliwonse akusiyana ndi 6. Choncho kusiyana kukakhala 6, 60, 600 kapena 6,000, woyamba kumukayikira ndi chala chimene chinali chikadali pa foni. Mbali imene nambala yapendekera imathandizanso. Chala chofuna 1 chikakwera pamwamba monga chimachitira pa foni, chimapeza 7, ndipo zonse zimakwera. Chofuna 8 chikatsikira pansi chimapeza 2, ndipo zonse zimatsika. Popeza apa zakwera, 8,200 alibe mlandu, ndipo 5,400 sangakhudzidwe chifukwa 5 sasuntha. Atsala malisiti atatu amene pa malo a masauzande pali 1 kapena 2: 12,500, 31,750 ndi 1,650. Ngati kakyuleta yake ndi yosindikiza pa kapepala, kapena manambala ali pa sikirini, afufuze 18,500, 37,750 kapena 7,650. Pa malisiti asanu phindu lake silioneka kwenikweni, koma pa malisiti 300 kumeneku ndi kusiyana kwa kuweruka nthawi yake ndi kuweruka mdima utagwa.

Njirazi zili ndi malire. Zimagwira bwino cholakwika chikakhala chimodzi. Zikakhala ziwiri, kusiyana kumasokonezeka ndipo palibe chidule koma kubwereza. Komanso pa manambala asanu ndi anayi aliwonse, imodzi imagawika ndi 9 mwangozi chabe, ndipo K6,000 ikhoza kungokhala lisiti la K6,000 limene lalowetsedwa kawiri. Ndi bwino kuyamba mwaona ngati pali lisiti lofanana ndendende ndi kusiyanako, kapena lofanana ndi theka lake, chifukwa mukadina - m'malo mwa + kusiyana kumakhala kuwirikiza kawiri ndalama ya lisitilo.

Chovuta kwambiri ndi manambala amene saphatikizidwa, monga nambala ya foni kapena ya akaunti. Pamenepa palibe kusiyana koti mugawe ndi 9. Nambala ya khadi la kubanki ili ndi chitetezo chake: nambala yomaliza imawerengetsedwa kuchokera ku zinzake zonse mwa njira imene anapanga Hans Peter Luhn wa ku IBM m'ma 1950. Njirayi imagwira cholakwika chilichonse cha nambala imodzi, ndiponso kusinthana kwa manambala oyandikana, kupatula 09 ndi 90. Nambala ya foni ilibe chitetezo chotere. Mukasintha 1 kukhala 7, mukhoza kupeza nambala ya munthu wina amene alipo ndithu, ndalama n'kupita kwa iye. N'chifukwa chake m'maofesi amene amasunga zinthu zofunika, anthu awiri amalowetsa pepala limodzi aliyense payekha, kompyuta n'kuonetsa pamene asiyana. Kwa ejenti wa pamsika, mnzake wachiwiriyo ndi kasitomala: amuonetse sikirini, awerenge nambala ndi dzina limene latuluka asanadine pini. Ndalamanso azitchula nambala imodziimodzi, chifukwa paphokoso la msika fifitini ndi fifite zimamveka ngati chinthu chimodzi.

Ena amafunsa ngati n'zotheka kuloweza mayalidwe onse awiri. N'zotheka, bola thupi lizidziwa kuti izi ndi ntchito ziwiri. Malangizo anga ndi akuti foni muzidina ndi chala chachikulu mutainyamula m'manja, mukuyang'ana, pamene kakyuleta ikhale patebulo, muziidina ndi zala zonse maso ali pa pepala. Choopsa ndi kugoneka foni pafupi ndi kakyuleta n'kumadina zonse ndi mkombaphala yemweyo, chifukwa pamenepo chala chilibe chochikumbutsa kuti chasamuka. Ndipo musayese kudina osayang'ana pa foni ya galasi. Palibe kachotupa pa 5, ndiponso mu foni imodzi yomweyo, poimbira pali 1, 2, 3 pamwamba koma kakyuleta yake ili ndi 7, 8, 9.

Kwa inu eni masitolo ndi mabwana a m'maofesi, pempho langa ndi ili. Mugulireni kashiya wanu kakyuleta ya patebulo ya mabatani aakulu, ndipo ngati kalaliki wanu akugwiritsa ntchito laputopu yopanda mabatani a manambala kudzanja lamanja, mugulireni kakiyibodi ka manambala kolumikiza padera. Tsiku limene mabuku asiyana ndi K900 kapena K6,000, musathamangire kumudula malipiro. Khalani naye pansi, mutenge malisiti, muyambe mwagawa ndi 9.